Maere, osati mwayi

Kwathu ku Woolwich ndinkamasulira chikalata cha kafukufuku wa mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Ndinalemba kuti anthu adzagawidwa m'magulu awiri "mwamwayi". Amayi atawerenga anafunsa, "Ndiye enawo ndi atsoka?"

Apo ndinaona vuto, pakuti palibe akudziwa gulu lomwe lidzapindule. Ndinakonza: kompyuta idzachita maere ngati kuponya ndalama m'mwamba, dokotala sasankha.

Pulasibo ndinaitcha "mankhwala abodza". Amayi anakwinya nkhope: "Akufuna kutinamiza?" Ndinalembanso: piritsi looneka ngati lenilenilo koma lopanda mankhwala, loti magulu awiriwo ayerekezedwe.

Kenako ndinawayesa: "Amayi, adzakusankhirani gulu ndani?"

"Palibe, mwanawe. Ndi maere."

Basi, ndinatseka kompyuta.