CV yojambula ndi foni, kompyuta siiwerenga

Ntchito iliyonse ikalengezedwa mu Zambia Daily Mail, mu Times of Zambia kapena pa intaneti, ife a ntchito yolemba anthu timalandira mtundu umodzi wa fayilo umene umandipweteketsa mutu: CV imene inalembedwa bwinobwino pa kompyuta, kenaka inasindikizidwa papepala, inasainidwa, n'kujambulidwanso ndi foni kapena makina a sikana. Dzina lake limathera ndi .pdf, ndipo mwini wake amakhutira kuti wamvera zimene chilengezo chinanena. Nthano imene ndatopa nayo ndi yomweyi, yoti PDF ndi PDF basi. Si zoona. Pali PDF yokhala ndi zilembo zenizeni mkati mwake, ndiponso pali PDF imene ndi chithunzi chabe cha pepala. Pamaso zimafanana, monga mmene chithunzi cha nsima chimafananira ndi nsima, koma pofika pa ntchito imodzi yokha ndiyo imakhutitsa.

Kusiyana kwake kuli motere. Mukalemba mu Word kapena LibreOffice Writer n'kutulutsa PDF mwachindunji, fayiloyo imasunga chilembo chilichonse monga chilembo, pamodzi ndi malo ake patsamba ndi mtundu wa kalembedwe kake. Ndiye chifukwa chake munthu amatha kusankha mawu, kuwakopa ndi kuwafufuza. Sikana ndi kamera sizidziwa chilembo. Zimangosunga timadontho ta chithunzi. Tiyerekeze kampani ina ya mu Cairo Road ikufuna kalaliki wa ndalama, ndipo yalemba kuti akhale membala wa ZICA komanso wodziwa Pastel. Makalata akachuluka, wosankhayo sayamba ndi kuwerenga mzere uliwonse. Amafufuza mawu akuti ZICA m'mafayilo onse, kapena pa fayilo imodziimodzi ndi Ctrl+F. Mtsikana wa ku Chelstone amene anamaliza maphunziro ake ku Evelyn Hone, ali ndi ZICA, anagwirapo ntchito zaka zitatu, koma CV yake ndi yojambula, sapezeka m'kufufuzako. Mawuwo alipo papepala, koma m'fayilo mulibe. Palibe wamukana, sanaonekere n'komwe. Ndipo wosankhayo ngakhale atachita khama kutsegula fayiloyo, ayenera kulemba nambala ya foni ndi imelo ndi manja ake, pomwe ya mnzake angokopa.

Chimayambitsa vutoli kawirikawiri ndi siginecha. Anthu ambiri amakhulupirira kuti CV yosasaina ilibe mphamvu, choncho amasindikiza kuti asaine, ndipo akasaina palibenso njira ina koma kujambula. CV si lumbiro ayi, sifunika chidindo kapena siginecha pokhapokha olemba ntchitowo atanena okha. Ena adzanditsutsa kuti zilengezo za kuno zimafuna makope a NRC, setifiketi ya giredi 12 yochokera ku Examinations Council of Zambia, nthawi zina ndi umboni wa ZAQA. Zoona, ndipo mapepala amenewo ndi ojambula basi, chifukwa chimene tikufunapo ndi kuona chidindo ndi maso. Koma akhale fayilo yawoyawo. Ngati chilengezo chalamula fayilo imodzi, lumikizani ma PDF awo pa kompyuta, CV ikhale patsogolo ndi zilembo zake zamoyo. Musasindikize zonse n'kuzidutsitsa mu sikana ngati mtolo umodzi.

Otsutsa ena, odziwako za makompyuta, amati masiku ano kuli OCR, luso limene kompyuta imayang'ana chithunzi n'kuyesa kuzindikira zilembo. Kulidi, ndipo pa pepala loyera, lowongoka, limagwira bwino. Komatu si ofesi iliyonse imene imaligwiritsa ntchito, ndipo pa chithunzi chojambulidwa madzulo magetsi atazima, pepala litapendekeka, mthunzi wa dzanja uli pakati, limaphonya pa malo oopsa kwambiri. Limasokoneza 0 ndi O, 1 ndi l, rn ndi m. M'chiganizo wamba cholakwa chotere munthu amachikonza m'mutu, koma mu imelo chilembo chimodzi chikalakwika, kalata yokuitanani ku intavyu ipita kwina. Palinso nkhani ya kulemera kwa fayilo: tsamba limodzi la mawu okhaokha kawirikawiri silifika ngakhale theka la megabaiti, pamene zithunzi za foni zimakwana mamegabaiti angapo, zimadya mabandulo, ndipo malo ena olandirira makalata amazikana. Nanga bwanji osangotumiza fayilo ya Word yomwe? Ngati apempha Word, tumizani. Apo ayi, kumbukirani kuti kompyuta ya wolandira ikakhala yopanda mtundu wa zilembo umene munasankha imaikapo wina, mizere imasuntha, ndipo tsamba limodzi limasanduka tsamba ndi theka. PDF, imene kampani ya Adobe inatulutsa mu 1993, inapangidwira kuletsa zomwezo.

Za langizo loti CV ikhale tsamba limodzi ndinenako mosamala, poti apa ine ndi anzanga ena sitigwirizana. Mphunzitsi wa ku UNZA amene ali ndi zolemba zambiri, kapena injiniya wa zaka makumi awiri pantchito, sangakwane pa tsamba limodzi, ndipo sindimuuza atero. Koma wofunsira wa zaka zochepa pantchito amakwana, ngati atachotsa zimene sizithandiza kusankha: tsamba lachikuto lolembedwa dzina lokha, mpingo, mtundu, sukulu ya pulayimale, ndi ndime ija yonena kuti ndine wolimbikira ndi wokhulupirika imene aliyense amaikopa kwa mnzake. Nambala ya NRC ndi nambala ya nyumba sizifunikanso pa pepala limene lidzayenda m'manja ambiri; kulemba kuti Kabwata, Lusaka kwakwana. Chimene sindilola ndi kufinya masamba awiri kukhala limodzi pochepetsa zilembo mpaka saizi 8. Zilembo zikhale pa 10.5 kapena 11, m'mbali musiye masentimita pafupifupi awiri, ndipo pepala likhale A4, chifukwa makompyuta ambiri amabwera atatcheredwa pa Letter ya ku America, imene ndi yaifupi ndi yotakata pang'ono kuposa mapepala athu.

Kutulutsa PDF ya zilembo zenizeni si kovuta. Mu Word pitani pa File, kenaka Save As, musankhe PDF. Mu LibreOffice Writer ndi File, Export As, Export as PDF. Amene ali ndi foni yokha angathe kulemba mu Google Docs n'kusunga monga PDF, ngakhale kuti kuyala mizere pa kagalasi kakang'ono n'kotopetsa. Mukapita kolembetsa kwa otayipa a m'tauni kapena pa msika wa Kabwata, auzeni momveka kuti, achimwene, musandisikanire, mundipatse fayilo ya Word ndi PDF yotuluka m'menemo. Ya Word ija ndiyo mudzakonzera mawa. Musanatumize, tsegulani PDF, dinani Ctrl+A kenaka Ctrl+C, muike zonse mu Notepad. Ngati palibe chatuluka, chimene muli nacho ndi chithunzi. Ngati mawu atuluka koma osakanikirana, zaka zili kwina maudindo ali kwina, ndiye kuti mizati iwiri, timabokosi ta mawu ndi zokongoletsa zina zasokoneza ndondomeko ya kawerengedwe, ndipo pulogalamu yosefa makalata ingawerenge mosokonekera chimodzimodzi. Mzati umodzi, wochokera pamwamba kutsika pansi, sulephera kawirikawiri. Nambala ya foni, yoyamba ndi +260, ikhale m'thupi la tsamba, osati mu Header, poti mapulogalamu ena amadumpha pamenepo. Fayiloyo muitchule ndi dzina lanu ndi mawu akuti CV, chifukwa m'bokosi la wolandira muli kale mafayilo ambirimbiri otchedwa Document1 ndi scan0001.