Mjeremani akamanena zakale: pakamwa njira ina, m'buku njira ina

Munthu amene waphunzira Chijeremani kuchokera m'mabuku a nthano amadabwitsa eni chinenerocho akayamba kucheza nawo. Akati *Ich kaufte Brot* pofuna kunena kuti anagula buledi, palibe lamulo limene waphwanya, koma womvera amaona ngati akumuwerengera buku. Mjeremani wamba anganene kuti *Ich habe Brot gekauft*.

Chijeremani chili ndi njira ziwiri zonenera zimene zinachitika. Yaifupi, yotchedwa Pureteritumu, imasintha mneni yekhayo: *kaufen*, kugula, amakhala *kaufte*. Yaitali, yotchedwa Perifekiti, imafuna mawu awiri. Mneni wothandiza, *haben* kapena *sein*, amakhala pamalo achiwiri m'chiganizo, ndipo mneni weniweni amakadikira kumapeto, nthawi zambiri atavala *ge-* kutsogolo. Aneni ochuluka amatenga *haben*, koma osonyeza kuyenda kapena kusintha, monga kupita, kubwera ndi kufa, amatenga *sein*.

Ife olankhula Chichewa tili ndi msampha wathuwathu. Timafulumira kuganiza kuti njira yaitali ndi "ndagula" ndipo yaifupi ndi "ndinagula". Si choncho. Kwathu "ndagula buledi chaka chatha" sizimveka, pamene Mjeremani amagwiritsa ntchito njira yaitali ngakhale pa zinthu za ali mwana. Kawirikawiri tanthauzo la njira ziwirizi ndi limodzi. Chimene chimasankha ndi chakuti munthuyo akucheza ndi mnzake kapena akusimba nkhani yolembedwa.

Taganizirani munthu amene sitima yamusiya m'mawa. Pofotokozera mnzake ku ntchito anganene kuti: *Ich bin um sieben aufgestanden. Ich wollte den Zug nehmen, aber er war schon weg. Also habe ich ein Taxi genommen.* Ndiye kuti anadzuka 7 koloko, amafuna kukwera sitima koma inali itapita, choncho anakwera takisi. Kudzuka ndi kukwera takisi wazinena m'njira yaitali. Koma pakatipo pali *wollte* ndi *war*, omwe ali m'njira yaifupi ngakhale munthuyu akungocheza. Pali kagulu ka aneni amene amakonda njira yaifupi ngakhale pakamwa: *war* (ndinali), *hatte* (ndinali ndi), *konnte* (ndinatha), *musste* (ndinayenera), *wollte* (ndinkafuna), komanso *es gab* (kunali). Ine ndimaona kuti wophunzira aloweze amenewa msanga, chifukwa sangamalize macheza a mphindi imodzi osawafuna.

Nkhani yomweyi ikalowa m'buku, wolemba amati *Er stand um sieben auf*, kenako *also nahm er ein Taxi*. Mabuku a nthano, mbiri yakale ndi malipoti amayenda motero. Koma tisapusitsidwe ndi pepala. Uthenga wa pafoni kapena kalata yopita kwa mlongo wako ndi macheza ndithu, ndipo imalembedwa m'njira yaitali.

Pali malo amodzi pamene kusinthanitsa njirazi kumaononga tanthauzo. Ukatsegula chitseko n'kupeza pansi panyowa, umati *Es hat geregnet*, kwagwa mvula. Apa pokha Chichewa chathu chikutithandiza, pakuti zotsatira zake zikuoneka tsopano. Ukati *Es regnete*, womvera amadikira kuti upitirize, ngati mmene timadikirira wina akati "mvula inkagwa". N'chifukwa chake atolankhani kawirikawiri amatsegula nkhani ndi chiganizo cha njira yaitali, cholengeza chimene chachitika, kenako n'kusimba tsatanetsatane wake m'njira yaifupi.

Dera nalonso lili ndi mbali yake. Kumpoto, monga ku Hambugu, njira yaifupi imamvekabe ndithu pocheza. Ukatsikira kum'mwera kwa mtsinje wa Maini, ku Bavariya ndi ku Ositiriya, imangotsala pang'ono kuzimirira pakamwa, ndipo Chijeremani cholankhulidwa ku Switzalandi chilibiretu njirayi, moti ana amakaiphunzira bwino kusukulu. Chimodzi mwa zifukwa zimene akatswiri amapereka n'chakuti anthu akum'mwera anayamba kumeza *-e* wa kumapeto kwa mawu. Zitatero, *er sagte*, ananena, anafanana ndi *er sagt*, akunena, ndipo anthu anatsamira njira yaitali kuti azimvana. Kum'mwera komweko mudzamvanso *ich bin gesessen*, ndinakhala pansi, pamene wakumpoto amati *ich habe gesessen*, ndipo zonsezi n'zovomerezeka.