Kusanja Mfundo Mutatha Kukhuthula Maganizo

Sabata yatha tidakamba za kukhuthula maganizo, njira imene Alex Osborn wa ku Amereka adaitchukitsa m'buku lake la mu 1953. Lamulo lake ndi lakuti pa nthawi yopereka mfundo pasakhale wotsutsa mnzake. Chilichonse chilembedwe monga chabwerera. Lamuloli ndi labwino, koma limasiya mndandanda wosokonezeka, wodzala ndi mfundo zobwerezabwereza. Wophunzira amene angatenge mndandanda wotere n'kuyamba nawo chimangirizo amanena chinthu chimodzi katatu, ndipo woonkhetsa malikisi sampatsa kanthu pa kubwerezako. Lero tsono tione m'mene tingasanjire mfundozo m'magulu okhala ndi mitu yomveka.

Tsiku lina ndidafunsa ophunzira anga a Fomu 3 kuti atchule zimene zimachedwetsa ana kufika kusukulu. Pabolodi padalembedwa mfundo 14 izi:

1. Sukulu ili kutali
2. Kuyenda mtunda wautali
3. Kutunga madzi m'mawa
4. Kusesa ndi kutsuka mbale
5. Ntchito zapakhomo
6. Mtsinje kudzaza
7. Njinga kuwonongeka
8. Kugona mochedwa
9. Kudzuka mochedwa
10. Ulesi
11. Kuthirira ndiwo kudimba
12. Kudikira phala
13. Kuonera mpira usiku
14. Mvula kugwa m'mawa

Manambalawo ali ndi ntchito, ndipo tiiona kumapeto. Ngati muli ndi mapepala, ndi bwino koposa kulemba mfundo iliyonse pa kapepala kakekake kuti muzitha kuisuntha. Umu ndi m'mene ankachitira Jiro Kawakita, katswiri wa ku Japani wofufuza za chikhalidwe cha anthu, amene adagwira ntchito m'midzi ya ku Nepal. Njira yake adaifotokoza m'buku la mu 1967, ndipo mpaka lero imadziwika ndi zilembo za dzina lake, KJ. Chiphunzitso chake chachikulu n'chakuti magulu azichokera m'mfundo zimene zilipo. Mukayamba mwalemba mitu, mumakakamiza mfundo kulowa m'malo amene si ake.

Ntchito yoyamba ndi kupeza mfundo zimene zikunena chinthu chimodzi m'mawu osiyana. Funso loyesera ndi ili: vuto la mfundo iyi litatha, kodi la inzakeyo lingatsale? Sukulu itamangidwa pafupi, mtunda wautali watha pomwepo. Choncho 1 ndi 2 ndi mfundo imodzi, ndipo tidazilemba pamodzi kuti "mtunda wa kusukulu ndi wautali". Pambali pake tidalembapo kuti adaitchula ndi anthu awiri, pakuti mfundo yobwerezedwa kawirikawiri imakhala ikuvutitsa ambiri, ndipo umboni umenewo suyenera kutayika pophatikiza.

Funso lomweli limatiteteza kuti tisaphatikize zosayenera. Ophunzira ambiri adafuna kuti 6 ndi 14 zikhale mfundo imodzi, poti zonse n'za dzinja. Mtsikana wina wokhala kutsidya kwa mtsinje adakana. Iye adati mvula ya m'mawa ikhoza kukata pasanathe ola, koma mtsinje umadzaza ngakhale kwawo kusanagwe dontho, malinga kumtunda kwavumba, ndipo umatenga nthawi kuti uphwe. Adanena zoona. Wonyowa ndi mvula afuna ambulera, pomwe wotsekeredwa ndi mtsinje afuna mlatho. Mfundo ziwirizi zikhoza kukhala m'gulu limodzi, koma iliyonse payokha.

Ntchito yachiwiri ndi ya mfundo zolowana, ndipo kulowanaku kuli kwa mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi pamene mfundo imodzi ili yaikulu ndipo yameza zinzake. Taonani 5, ntchito zapakhomo. Kutunga madzi, kusesa ndi kuthirira kudimba zonse zili m'kati mwake. Kuiika 5 pa mzere umodzi ndi 3, 4 ndi 11 kuli ngati kuwerenga dengu pamodzi ndi mango ali m'menemo. Mfundo yotere imakwezedwa kuti ikhale mutu wa gulu. Mtundu wachiwiri ndi pamene mfundo ina ikubala inzake. Kuonera mpira usiku kumachititsa kugona mochedwa, ndipo kugona mochedwa kumachititsa kudzuka mochedwa. Mfundo 13, 8 ndi 9 sizifanana, choncho siziphatikizidwa. Zimangondandalikidwa motsatana, choyambitsa patsogolo, chotsatira pambuyo.

Nanga 10, ulesi? Liwu limeneli likuweruza munthu popanda kunena chimene wachita. Mfundo yotere musaiganizire nokha tanthauzo. Funsani mwini wake akadalipo. Mnyamata amene adaitchula adati ankanena za munthu womva tambala koma n'kudzifunditsanso bulangeti. Pamenepo tidaona kuti 10 ikulowa mu 9. Akadanena za woyenda mozengereza panjira, ikadapita kwina.

Chenjeraninso ndi mawu ofanana. Mfundo 3 ndi 6 zonse zikukhudza madzi, ndipo wofulumira akhoza kupanga gulu lotchedwa "Madzi". Koma mwana wonyamula ndowa kuchokera ku mjigo ndi mwana woima pagombe la mtsinje wosefukira sali pa vuto limodzi. Chosonkhanitsa mfundo ndi tanthauzo lake.

Titatha zonsezi tidatsala ndi magulu atatu, ndipo idakwana nthawi yowapatsa mitu. Mutu wabwino ndi chiganizo chachifupi chonena kanthu. Mutu wakuti "Mavuto" kapena "Zapanjira" suuza wowerenga chilichonse. Yesani motere: bisani mfundo zonse, muwerengere mnzanu mutu wokha. Ngati atha kulota zimene zili pansi pake, mutuwo wakhoza. Athu adali awa:

Ulendo wa kusukulu ndi wautali ndi wovuta (1 ndi 2, 6, 7, 14)
Ntchito zapakhomo zimadya nthawi ya m'mawa (5, 3, 4, 11)
Wogona mochedwa amadzuka mochedwa (13, 8, 9 ndi 10)

Mfundo 12, kudikira phala, idatsala yokha. Ena adati tiiponye m'gulu lachiwiri poti imachitikira pakhomo. Koma wodikira phala sakugwira ntchito. Akuopa kukhala m'kalasi ndi njala mpaka masana. Tidaisiya payokha ndi mutu wakuti "Mwana safuna kunyamuka ndi njala". Musaope mfundo yotsala yokha, ndipo musaibise pansi pa mutu wakuti "Zina ndi zina". Mutu umenewo ndi nkhuti, ndipo ukayamba kudzaza dziwani kuti kusanja kwanu sikunathe.

Pomaliza bwererani ku manambala aja. Gulu loyamba lili ndi manambala 5, lachiwiri 4, lachitatu 4, ndi ija yotsala 1. Zonse pamodzi 14. Nambala ikasowa, ndiye kuti ganizo la munthu wina latayika panjira. Ikapezeka kawiri, ndiye kuti mfundoyo ili ndi maganizo awiri ofunika kuwagawa, kapena magulu awiriwo akulowana.

Wophunzira tsopano ali ndi ndime zinayi za chimangirizo chake, ndipo mutu uliwonse ndiwo chiganizo chotsegulira ndime. Mphunzitsi wopita nazo ku komiti ya sukulu ali ndi nkhani zinayi zoti akambirane ndi makolo m'malo mwa 14. Sabata yamawa tidzaona m'mene tingasankhire gulu loyenera kuyamba nalo.