Msana wa Mayi Wogwira Ntchito ya mu Ofesi

Mayi amene amatayipa makalata kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka amakhala choweramira kutsogolo. Mapewa amagwa, minofu ya m'matako imafooka posowa ntchito, ndipo madzulo khosi ndi chiuno zimadandaula. Kungomuuza kuti "khalani mowongoka" sikuthandiza kwenikweni, pakuti minofu yofooka imatopa msanga. Chofunika ndi kuilimbitsa, mphindi 10 zokha, masiku atatu pa sabata.

Yambani ndi msana wam'mwamba. Kolekani chitenje cholimba pa nsanamira yozikika bwino ya khonde, pamlingo wa chifuwa. Gwirani nsonga zake ziwiri, tsamirani chammbuyo thupi lili chiwongokere, kenaka dzikokereni kunsanamirako, zigongono zikudutsa m'mbali mwa nthiti. Bwererani pang'onopang'ono. Chitani ka 10, pumani, mubwerezenso. Mukaona mapewa akukwera kumakutu, dziwani kuti ntchito yapita kukhosi. Sunthirani mapazi m'mbuyo pang'ono kuti katundu apepuke.

Tsopano chiuno. Gonani chagada pamphasa, mawondo opinda, mapazi pansi. Finyani matako, kwezani chiuno mpaka mapewa, chiuno ndi mawondo zikhale mzere umodzi. Werengani mpaka 3, tsikani. Nakonso ka 10 kawiri. Kumbuyo kwa ntchafu kukakokana, mapazi atalikira. M'munsi mwa msana mukapweteka, mwakweza mopitiriza.

Zikayamba kuphweka, onjezerani mpaka ka 15. Koma ululu wotsikira kumwendo, kapena dzanzi, ndi nkhani ya kuchipatala. Amayi oyembekezera ayambe afunsa kusikelo.