Kontena si kakompyuta kakang'ono

Munthu akaitanidwa ku intavyu ya ntchito ya devopusi, ntchito yoika mapulogalamu pa maseva ndi kuwasamalira kuti asagwe, funso limodzi silisowa: kontena imasiyana bwanji ndi viyemu? Ambiri amayankha kuti kontena ndi yopepuka, viyemu ndi yolemera. Sanama ayi. Koma wofunsa amene anagwirapo ntchitoyi amangofunsanso kuti, "Yapepuka chifukwa chiyani?" Apa ndiye thukuta limayamba.

Yankho lonse lagona pa chinthu chimodzi chotchedwa kenelo. Mu kompyuta iliyonse muli pulogalamu yaikulu yoyendetsa zonse, monga Linux kapena Windows, ndipo kenelo ndiye mtima wake. Ndi iyo imagawira mapulogalamu ena memole, imasankha amene agwiritse ntchito pulosesa panthawi iyi, ndipo imalankhula ndi disiki ndi netiweki. Pulogalamu wamba siikhudza zitsulo za makina. Imapempha kenelo.

Viyemu ndi kompyuta yongoyerekezera, yokhala m'kati mwa kompyuta yeniyeni. Pulogalamu yotchedwa haipavaiza, monga KVM kapena VirtualBox, imapanga disiki, memole ndi pulosesa zongoyerekezera, kenako inu mumaikapo Linux kapena Windows yathunthu, ndi kenelo yakeyake. Mukaika maviyemu 5 pa seva imodzi, ndiye kuti pali makenelo 5, uliwonse ukudzuka pawokha ndi kudya memole yake. Kontena ilibe kenelo. Ndi pulogalamu wamba yoyenda pa kenelo ya seva, kungoti yatchingiridwa mpanda kuti isaone anzake.

Amene anakhalapo pa nyumba za lendi za mdadada amva msanga. Aliyense ali ndi khomo lake ndi loko wake, koma denga ndi limodzi, mita ya madzi ndi imodzi. Kulowa n'kosavuta, mumangobwera ndi katundu. Viyemu ndiye nyumba yoima payokha, ya maziko ake ndi mita yake: imatenga malo, koma moto ukabuka kwa neba sukufikani msanga.

Pa intavyu fanizo lokha silikwanira. Chosangalatsa n'chakuti mungathe kuonetsa umboni pa kompyuta ya Linux imene ili ndi Docker:

```
uname -r
docker run --rm alpine uname -r
```

Lamulo loyamba likufunsa nambala ya kenelo ya kompyuta yanu. Lachiwiri likufunsa zomwezo kuchokera m'kati mwa kontena ya Alpine. Mayankho awiriwo amafanana ndendende, ngakhale kompyuta yanu itakhala ya Ubuntu. Zimene konteni yabweretsa ndi mafayilo a Alpine okha, osakwana mamegabaiti 10, pamene viyemu imafuna magigabaiti. N'chifukwa chake kontena imadzuka m'kanthawi kochepa: palibe kompyuta imene ikuyatsidwa, kenelo inali maso kale.

Mpanda uja umamangidwa ndi zida ziwiri za Linux, ndipo maina ake ndi ofunika kuwatchula. `namespaces` imalamula zimene kontena ikuona: mapulogalamu ake okha, mafayilo ake okha, netiweki yake yokha. `cgroups` imalamula zimene ingadye, kaya memole kaya pulosesa. Zida zimenezi zinalipo Docker isanabadwe; `cgroups` inalowa mu Linux mu 2008. Chimene Solomon Hykes ndi anzake a ku dotCloud anachita potulutsa Docker mu 2013 n'kupeza njira yosavuta yolongedzera pulogalamu ndi zonse zimene imafuna mu phukusi limodzi lotchedwa imeji. Imeji sisintha. Mukaiyendetsa ndiye imakhala kontena, ndipo imeji imodzi ingabale makontena ambirimbiri.

Wofunsa wochenjera amatchera msampha apa: "Nanga bwanji ine ndimayendetsa makontena a Linux pa Mac yanga?" Yankho n'lakuti Docker Desktop imabisa viyemu ya Linux pansi, ndipo makontenawo akubwereka kenelo ya viyemuyo. Ndiponso makampani ambiri amene amabwereka maseva kwa Amazon kapena Google amayendetsa makontena awo m'kati mwa maviyemu. Choncho awiriwa si adani. Munthu wonena kuti makontena anathetsa maviyemu amadziulula yekha kuti anangowerenga. Viyemu imafunikabe mukafuna kenelo ina, kapena mukamayendetsa mapulogalamu a anthu amene simukuwakhulupirira, poti kenelo ikakhala ndi chiboo, denga ladontha kwa onse a pamdadada.

Kubernetes imabwera makontena akachuluka n'kumwazikana pa maseva ambiri. Google inailengeza mu 2014, ndipo dzinalo ndi la Chigiriki, kutanthauza wogwira chiwongolero cha ngalawa. Inu simuiuza zochita. Mumalemba mmene mukufunira kuti zinthu zikhale, iyo n'kumayerekeza mosalekeza zimene mwalembazo ndi zimene zilipo. Kanthu kakang'ono kwambiri kamene imayendetsa ndi podi, yomwe kawirikawiri imakhala ndi kontena imodzi. Mukalemba `replicas: 3` mu `Deployment`, podi imodzi n'kufufutidwa, ina imabadwa kuti zikwanenso zitatu.

Tsono tiyerekeze kuti wofunsa wakupatsani vuto. Pulogalamu yopanga malipoti a malonda yaikidwa, ndipo malire a memole yake alembedwa `memory: 256Mi`. Mukalemba `kubectl get pods` mukuona mawu akuti `CrashLoopBackOff`, ndipo nambala ya pansi pa `RESTARTS` ikungokwera. Mutani?

Choyamba, dziwani kuti mawuwo si nthenda, ndi chizindikiro chabe. Akutanthauza kuti kontena ikudzuka n'kufa, kudzuka n'kufa, ndipo Kubernetes ikudikira kaye isanayesenso. Imayamba ndi masekondi 10, kenako 20, kenako 40, mpaka kufika pa mphindi 5. Chimene chikuipha mumachipeza motere:

```
kubectl describe pod malipoti-abc12
kubectl logs malipoti-abc12 --previous
```

Mu yankho la lamulo loyamba yang'anani pa `Last State`. Mukapeza `Reason: OOMKilled` ndi `Exit Code: 137`, mlandu watha. Nambala ya 137 ndi 128 kuphatikiza 9, ndipo 9 ndi `SIGKILL`, kupha kosapereka mpata wotsanzika. Pulogalamuyo inadya kupitirira mamegabaiti amene inapatsidwa, kenelo n'kuipha, ngakhale seva ili ndi memole yambiri yongokhala. Ndi `cgroups` ija ikugwira ntchito yake. Mawu akuti `--previous` musawaiwale, chifukwa mukufuna zimene inalemba kontena yakufayo, osati yatsopanoyi, ngakhale kuti yophedwa chotere nthawi zambiri zolemba zake zimangodukira panjira.

Ambiri amathamangira kunena kuti akweza malire kufika `512Mi`. Mwina n'zokwanira. Ine ndikanakhala wofunsa, ndikanasangalala ndi amene wayamba wafunsa kuti memoleyo ikukwera motani. Ikamakwera pokhapokha lipoti lalikulu likamapangidwa, kenako n'kutsika, malire ndiwo achepa. Koma ikamangokwera pang'onopang'ono osatsika, pulogalamuyo ikusunga zinthu osazitaya, ndipo kukweza malire kumangochedwetsa maliro.

Funso lotsatira limakhala lakuti, nanga malipoti amene inali itasunga kale ali kuti? Ngati inkawalemba m'kati mwa kontena, apita. Kubernetes siidzutsa yakufayo. Imapanga ina kuchokera ku imeji, yoyera ngati poyamba. Viyemu mukaizimitsa n'kuiyatsa mumapeza mafayilo anu pa disiki, ndipo chizolowezi chimenechi n'chimene chimapweteketsa anthu ochokera ku maviyemu. Chilichonse chofunika kusungidwa chiyenera kupita ku voliyumu, malo osungira a kunja kwa kontena, amene mu Kubernetes mumawapempha polemba `PersistentVolumeClaim`.