Kodi mafuta atuluka atazizira motani?

Injini yaikulu ya jenereta ikamagwira ntchito, mafuta ake a oyilo amatentha, ndipo amayenera kuziziritsidwa asanabwererenso mu injini. Ntchitoyi imachitika m'chipangizo chosinthanitsira kutentha: oyilo wotentha amadutsa mbali imodzi ya paipi, madzi ozizira mbali inayo, ndipo kutentha kumawoloka chitsulocho, ziwirizi osasakanikirana.

Mwini makina amadziwa kukula kwa chipangizo chake, kuchuluka kwa zomwe zikudutsamo ndi kutentha kwake polowa. Chomwe amafunsa n'chakuti: kodi oyiloyu atuluka atazizira motani? Njira yotchuka ya LMTD imavuta pamenepa, chifukwa imafuna kutentha kwa potulukira musanayambe masamu. Mumangolota nambala, kuwerengera, kupeza kuti sizikugwirizana, n'kuyambiranso. Njira ina, yomwe Kays ndi London anaitchukitsa m'buku lawo la 1955, imayankha funsoli ulendo umodzi. Akatswiri amailemba kuti ε-NTU.

Tiyerekeze kuti oyilo akulowa pa madigiri 100, madzi pa madigiri 20, chilichonse theka la kilogalamu pa sekondi. Madzi amafuna majulo pafupifupi 4,200 kuti kilogalamu imodzi ikwere digiri imodzi, pomwe oyilo wathu amafuna 2,100 okha. Tikachulukitsa ndi theka lija, tikupeza nambala yotchedwa C: ya madzi ndi mawati 2,100 pa digiri, ya oyilo ndi 1,050. Yaing'onoyo, Cmin, ndiye mutu wa nkhani yonse.

Chifukwa chake n'ichi. Chipangizo chitatalika motani, oyilo sangazizire kuposa madzi omwe akumuziziritsa. Angatsike ndi madigiri 80 basi, ndiye kutentha kochuluka komwe kungawoloke ndi 1,050 kuchulukitsa ndi 80, mawati 84,000. Ophunzira ambiri amapunthwa pano potenga C yaikulu. Akatero amapeza 168,000, ndipo kuti oyilo apereke kutentha koteroko angafunike kutsika ndi madigiri 160, mpaka kuzizira kuposa madzi oundana. Yankho likatero, dziwani kuti mwasokoneza ma C.

Chilembo ε chimanena gawo la mawati 84,000 aja lomwe chipangizo chenicheni chikukwanitsa. Kuti tilipeze timayamba taona mphamvu ya chipangizocho poyerekeza ndi katundu yemwe chasenza, ndipo imeneyi ndiyo NTU. Timatenga U, yonena kufulumira kwa kutentha powoloka chitsulo, kuchulukitsa ndi A, kukula kwa malo owolokerapo, n'kugawa ndi Cmin. Chathuchi tinene kuti UA yake ndi 1,050, choncho NTU ndi 1. Nambala inanso ndi Cr, C yaing'ono kugawa ndi yaikulu, yomwe pano ndi 0.5. Oyilo ndi madzi zikamayenda mopenyana, china kulowera uku china uko, lamulo lake ndi ili:

```
ε = (1 − e^(−NTU(1−Cr))) / (1 − Cr·e^(−NTU(1−Cr)))
```

Tikaikamo manambala athu, ε ikutuluka 0.565. Kutentha kowoloka ndi mawati pafupifupi 47,400. Tikagawa ndi 1,050, oyilo watsika ndi madigiri 45, watuluka pa 55. Tikagawa ndi 2,100, madzi akwera ndi madigiri pafupifupi 23, atuluka pa 43. Palibe pomwe talota.

Chimene ndimaikondera njirayi n'chakuti imamuuza munthu zoona asanatulutse ndalama. Mukagula chipangizo chachikulu kawiri, NTU ikhala 2, koma ε ingofika 0.775. Mukachikuzanso kawiri, ifika 0.93. Chitsulo chikuchuluka, phindu likucheperachepera, chifukwa oyilo akamayandikira kuzizira kwa madzi, kutentha kumawoloka mwaulesi. Kalumikizidwe ka mapaipi nakonso n'kofunika. Amisiri akalumikiza kuti zonse ziyende njira imodzi, lamulo limasintha: ε ikhala 0.52, ndipo ngakhale mutatalikitsa chipangizocho motani siingapyole 0.67, poti ziwirizi zimangofika pofanana kutentha n'kuthera pomwepo.

Masamu omwewa amaulula litsiro. Madzi a mchere wambiri amasiya chikhungu choyera m'mapaipi, ngati chija chimamatirira mu ketulo, ndipo U imatsika. Ikatsika ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, NTU ikhala 0.8, ε ikhala 0.50, oyilo atuluka pa madigiri 60. Choncho mukayeza n'kupeza 60 m'malo mwa 55, pomwe kutentha kwa polowa sikunasinthe, yambani mwaona ngati pampu ikukankhabe madzi okwanira. Ngati ikukankha, tsukani mapaipi.

Njirayi ili ndi malire ake. Imaganiza kuti U ndi yofanana paliponse m'chipangizomo, chonsecho oyilo akamazizira amalimba ndipo amapereka kutentha movutikira. Imaganizanso kuti palibe kutentha kothawira kunja. Komanso lamulo lili pamwambali siligwira ntchito Cr ikakhala 1 ndendende, chifukwa pamwamba ndi pansi pamatuluka ziro. Pamenepo timagwiritsa ntchito lalifupi, ε = NTU/(1+NTU).