N'chifukwa chiyani uthenga wa chuma cha masiye kapena mphoto umakakamira kuti tiyankhe?

Ambirife tinalandirapo uthenga pafoni wonena kuti tapata mphoto pa mpikisano womwe sitinalowe, kapena kuti munthu wakunja watisiyira chuma. Uthenga wotere sutchula ndalama zoti tilipire. Umangoti tiyankhe msanga, ndipo msampha wagona pomwepo.

Wakuba satidziwa. Uthenga womwewo amautumiza kwa anthu zikwizikwi, ngati msodzi woponya khoka asakudziwa chimene chikodwe. Ambiri amangoufufuta. Amene wayankha wamuuza wakubayo zinthu ziwiri: kuti nambalayo ili ndi mwini wake, komanso kuti mwiniyo wakhulupirirako. Ndiye wakuba amasiya ena onse n'kulimbana ndi ameneyu. Ngakhale kuyankha mokalipa kumamutsimikizira kuti nambalayo ikugwira ntchito.

Tiyerekeze kuti bambo wina wa ku Mangochi walandira uthenga pa WhatsApp. Wolembayo akuti ndi mayi wamasiye wodwala mwakayakaya, alibe mwana, ndipo akufuna munthu woopa Allah woti alandire chuma chake, amangire mzikiti ndi kuthandiza ana amasiye. Mawu achipembedzowo ndi nyambo chabe. Kwa Mkhristu, wakuba yemweyo amatchula tchalitchi.

Bambowo akayankha, amafunsidwa dzina lonse ndi chithunzi cha chiphaso chaunzika. Kenako pamatulukira wina wodzitcha loya, n'kutumiza zikalata zabodza zokhala ndi zidindo. Apa mpamene ndalama zimatchulidwa koyamba: K20,000 yokha yotsegulira failo, itumizidwe pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Poyerekeza ndi mamiliyoni olonjezedwawo, imaoneka yochepa. Akalipira, pamabuka msonkho wa K90,000, kenako chindapusa cha kubanki. Pofika apa bambowo safuna kusiya, poopa kuti zimene alipira kale zipita pachabe, mpaka amagulitsa mbuzi kapena kukongola. Amauzidwanso kuti asunge chinsinsi, kuti pasapezeke wachibale wowatsegula m'maso. Chumacho sichifika chifukwa kulibe, ndipo akasiya kulipira nambala ija imazima.

Pa uthenga wa mphoto, wakuba amadzitcha wa kukampani ya foni n'kupempha PIN kapena manambala amene angofika kumene pafoni. Akapatsidwa, amatha kusesa zonse zomwe zili mu akaunti. Kampani yeniyeni sifunsa PIN.

Chizindikiro chachikulu n'chakuti amene akuti akukupatsani ndalama akufuna kuti muyambe ndinu kumupatsa. Chikanakhalapo chumacho, akanangodula zolipirazo pomwepo. Onaninso kuti nambala yolandira ndalama ndi ya munthu wamba, osati ya ofesi.

Uthenga wotere ukafika musayankhe, tsekani nambalayo. Ngati mwatumiza kale ndalama, musawonjezere ina. Sungani mauthengawo, imbirani kampani ya foni yanu nthawi yomweyo, kenako kakadandauleni kupolisi. Wina akadzaimba kuti akuthandizani kubweza ndalamazo mukamulipira kangachepe, dziwani kuti nthawi zambiri amakhala akuba omwewo.